Akufuna fomula asanaike ndalama: kodi kusainirana pepala n'kokwanira?

*Ndili ndi kampani yaing'ono yopanga guluu wa matabwa amene samatuka ndi chinyezi. Fomula yake ndinaivutikira zaka 4, ndipo timaidziwa anthu awiri okha. Pali bambo wina amene akufuna kugula masheya 30 peresenti, koma akuti sangaike ndalama asanaone fomula. Wanditumizira mgwirizano wosunga chinsinsi wa zaka 2 woti tisainirane. Ndamvanso kuti ali ndi masheya m'kampani ina yopanga penti ndi zomatira. Ndisaine n'kumupatsa?*

Mayi, mgwirizano musaine, koma mutaukonza kaye, ndipo fomula musapereke. Izi ndi nkhani ziwiri zosiyana, ndipo ambiri amene ndawaona akulira pa nkhani zotere anazisakaniza. Ankaganiza kuti munthu akangosaina ndiye kuti pakamwa pake patsekedwa ndi loko. Pepala silitseka pakamwa pa munthu. Chimene limakupatsani ndi ufulu wokamusumira akaulula kapena akagwiritsa ntchito zimene mwamuuza, ndipo pofika tsiku limenelo fomula imakhala ili kale m'manja mwa ena. Madzi akatayika saoleka. Choncho ntchito yaikulu ili pa kusankha chimene mukuulula, nthawi yake, ndi munthu amene mukumuululira. Pepalalo ndi lothandizira chabe.

Komabe musalipeputse, chifukwa popanda ilo lamulo lenilenilo lingakukaneni. Pangano la zamalonda la dziko lonse lotchedwa TRIPS, la 1994, m'ndime 39 limanena zinthu zitatu zimene zimachititsa kuti nkhani ikhale chinsinsi cha malonda chotetezedwa. Ikhale yosadziwika kwa anthu a ntchito imeneyo, ikhale ndi phindu chifukwa choti ndi yosadziwika, ndipo mwini wake akhale atachitapo zinthu zooneka pofuna kuibisa. Malamulo a mayiko ambiri amatsata mfundo zomwezi. Chachitatucho n'chimene chimakukhudzani lero. Mukauza munthu fomula popanda kumumanga ndi lonjezo lililonse, loya wake adzaima m'khoti n'kunena kuti inu nomwe simunkaiona ngati chinsinsi, ndipo woweruza angamumvere. Palinso china: ngati mukuganiza zodzatenga patenti, chomwe ndi chiphaso cha boma choletsa ena kupanga chinthu chatsopano chimene mwatulukira, kuulula popanda mgwirizano kungaphe mwayi umenewo, chifukwa m'mayiko ambiri, makamaka a ku Ulaya, chinthu chimene chaululidwa poyera musanalembetse sichionedwanso ngati chatsopano.

Tiyambe ndi funso limene inu simunamufunse bamboyo: fomulayo akuifuniranji? Munthu wogula masheya sakukasakaniza guluu. Chimene akuopa ndi kutaya ndalama zake, ndipo mantha akewo ndi omveka. Akufuna kudziwa ngati guluuyu amagwiradi monga mukunenera, ngati amatuluka chimodzimodzi nthawi zonse, ngati mtengo wopangira ndi umene mwalemba m'mabuku, ngati mulibe mankhwala oletsedwa, ngati fomulayo ndi ya kampani osati yobedwa kwina, komanso ngati bizinesi ingapitirire inu mutadwala. Taonani bwino mafunso amenewa. Palibe ngakhale limodzi limene yankho lake limafuna kuti iye aone pepala la fomula ndi maso ake. Za mphamvu ya guluu zimayankhidwa ndi zotsatira za labotale yoima payokha. Za kusasintha zimayankhidwa ndi zolemba za magulu a guluu amene mwapanga miyezi yapitayi ndi chiwerengero cha katundu wobwezedwa. Za mtengo zimayankhidwa ndi wowerengera chuma. Mukamuyalira mafunso ake motere n'kumuonetsa njira yoyankhira lililonse, wofunadi bizinesi amakhutira, kapena amakambirana nanu za njirayo. Amene akakamirabe pa fomula yeniyeniyo wakuuzani chimene wabwerera.

Kenako muyenera kudziwa chinsinsi chanu kuti chili pati kwenikweni, chifukwa si zonse za m'fomula zimene zili chinsinsi. Aliyense angathe kugula chitini cha guluu wanu n'kupita nacho ku labotale. Kufufuza chinthu chimene munthu wagula mwachilungamo pofuna kudziwa za m'kati mwake n'kololedwa m'malamulo a mayiko ambiri. Lamulo la mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya la 2016 lokhudza zinsinsi za malonda limachita kunena zimenezi momveka. Tiyerekeze kuti guluu wanu ali ndi zinthu 7. Labotale yabwino mwina ipeza zikuluzikuluzo popanda vuto. Chimene singachione msanga m'chitini ndi chakuti chimayamba kulowa mumphika n'chiti, pa kutentha kotani, kwa mphindi zingati, mwinanso kamankhwala kena kochepa kwambiri kamene kamasintha zonse. Chinsinsi chenicheni nthawi zambiri chimakhala pamenepo. Khalani pansi ndi mnzanu wachiwiriyo mulembe zimenezi pa tsamba limodzi: izi ndi zimene munthu wina aliyense sadzaziona mpaka ndalama zitalowa. Zina zonse mungathe kumasuka nazo pang'ono ndi pang'ono. Ubwino wake ndi wakuti simudzaoneka ngati munthu wobisa chilichonse, amene amatopetsa oika ndalama, komanso tsiku la mlandu mudzatha kuloza chinthu chenicheni. Makhoti sakondwera ndi wodandaula amene amangoti "anaba nzeru zanga" osatchula kuti ziti.

Tsopano pali msampha umene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa fomula zambiri sizituluka kudzera pa pepala la fomula. Zimatulukira m'mabuku a ndalama. Woika ndalama aliyense amapempha malisiti a zogula, mndandanda wa okugulitsani zipangizo, ndi kuchuluka kwa katundu amene munapanga chaka chatha. Pempho lililonse palokha n'losalakwika. Koma tiyerekeze kuti malisiti akuonetsa kuti chaka chatha munagula makilogalamu 240 a kamankhwala kachinsinsi kaja, dzina lake lili pa lisiti, ndipo lipoti la fakitale likuonetsa kuti munapanga makilogalamu 30,000 a guluu. Mwana wa sukulu angagawe 240 ndi 30,000 n'kupeza 0.8 peresenti. Achite chimodzimodzi ndi zinthu zina 6 zija, fomula yonse yatuluka inu musanatsegule kabati. Kenako mumuyendetse m'fakitale, aone nambala ya kutentha pa makina ndi pepala la ndondomeko limene antchito anu anamata pakhoma, zatha basi. Nthawi yonseyi inu mukunyadira kuti fomula simunapereke.

Mankhwala ake ndi osavuta koma amafuna ntchito. Zipangizo muzipatse zilembo m'malo mwa mayina, ndipo zija zazing'ono muziphatikize m'gulu limodzi lotchedwa "zowonjezera", lokhala ndi mtengo umodzi. Malisiti enieni aonedwe ndi wowerengera chuma woima payekha, amene angotsimikizira kuti chiwerengero chonse chikugwirizana ndi mabuku. Mayina a makasitomala nawonso abisidwe poyamba: kasitomala woyamba amagula 22 peresenti ya katundu, wachiwiri 15, osatchula kuti ndani. Tsiku loyendera fakitale likhale losasakaniza, mapepala a pakhoma achotsedwe, mafoni atsale pakhomo.

Tibwere ku pepala limene wakutumizirani. Sindinaliwerenge, koma mapepala olembedwa ndi mbali yolandira chinsinsi amafanana kwambiri, ndipo pali ndime zingapo zimene ndimayamba kuyang'ana.

Yoyamba ndi ya cholinga. Mapepala ambiri ofooka amaletsa kuulula kokha, osaletsa kugwiritsa ntchito. Kwa inu kusiyana kumeneku ndi nkhani yonse. Bamboyo sakufunika kuuza dziko fomula yanu kuti akupwetekeni. Angoigwiritsa ntchito mwakachetechete m'kampani yake ya zomatira. Choncho mgwirizano unene kuti zonse zimene mumupatse adzazigwiritsa ntchito pa chinthu chimodzi chokha, chomwe ndi kuunika ngati agule masheya m'kampani yanu, ndipo china chilichonse n'choletsedwa. Mawu ake akhale opapatiza chomwecho. Mukaona mawu otambalala monga "pa ubale wa bizinesi wa mbali ziwirizi", afufuteni. Ndime imeneyi ili ndi mano ikalembedwa bwino. Mu 2012 khoti la ku Delaware, ku America, linaweruza mlandu wa makampani awiri akuluakulu a miyala yomangira, Martin Marietta ndi Vulcan. Iwo anasainirana kusunga chinsinsi pamene ankakambirana zophatikizana mwaubwenzi. Zokambirana zitazilala, Martin Marietta inagwiritsa ntchito zimene inadziwa m'zokambiranazo poyesa kugula Vulcan mokakamiza. Khoti linaiimitsa kwa miyezi 4, chifukwa zimene inapatsidwa zinali za cholinga china.

Yachiwiri ndi ndime yonena kuti chinsinsi n'chiyani. Ambiri amalemba kuti chotetezedwa ndi chokhacho chimene chalembedwa mawu oti "chinsinsi", ndipo zolankhulidwa pakamwa ziyenera kutsimikiziridwa ndi kalata pasanathe masiku angapo. Zikuoneka ngati zazing'ono, koma zinagwetsapo kampani. Pa mlandu wa Convolve ndi makampani a Compaq ndi Seagate, umene khoti la apilo ku America linagamula mu 2013, Convolve inafotokoza luso lake pa misonkhano koma sinatumize makalata otsimikizira monga mgwirizano unkafunira. Khoti linati zimene zinanenedwa pa misonkhano imeneyo sizinali zotetezedwa, popeza eni ake sanatsate njira imene anasainira okha. Ine ndimakonda kuichotseratu ndime yotere, n'kulemba kuti chilichonse chokhudza kapangidwe, zipangizo, mitengo ndi makasitomala n'chinsinsi, kaya chalembedwa, chanenedwa kapena changoonedwa m'fakitale. Akakana kuichotsa, ndiye muitsate ngati lamulo la dokotala: msonkhano uliwonse ukatha, tsiku lomwelo, imelo ipite yonena kuti lero takambirana zakutizakuti ndipo ndi zachinsinsi. Mutchule mitu yokha, osabwereza chinsinsicho m'imelomo.

Yachitatu ndi zaka 2 zija. Pa manambala a malonda ndi mapulani a chaka chamawa, zaka 2 n'zokwanira, chifukwa zinthu zimenezo zimakalamba zokha. Fomula sikalamba. Mukasaina kuti udindo wake wosunga chinsinsi utha pakatha zaka 2, mwamulembera tsiku loyambira kupanga guluu wanu. Choipa kwambiri n'chakuti munthu wina, amene sanasaine kanthu, angadzagwiritse ntchito pepala lomwelo ngati umboni wakuti inu munavomereza kuti chinsinsicho chithe. Makhoti ena a ku America anaganizapo motero. Gawani nthawiyo pawiri. Nkhani wamba za bizinesi zikhale zaka 2 kapena 3, koma za kapangidwe zikhale zotetezedwa kwa nthawi yonse imene zidakali chinsinsi.

Pali ndime ina imene imabisala chakumapeto, yolembedwa mofatsa ngati yosapweteka. Imati wolandirayo ndi womasuka kugwiritsa ntchito chilichonse chimene chatsala m'mutu mwa anthu ake popanda kuyang'ana pa pepala. Makampani akuluakulu a zamakono amaikonda, ndipo ali ndi chifukwa: antchito awo amaona zinthu zambiri ndipo sangatsuke ubongo. Koma taganizani za inu. Zinthu 7, manambala 7, kutentha kumodzi. Katswiri wa mankhwala amaloweza zimenezi asanamalize kuwerenga tsambalo. Ndime yotere ikakhalamo, mgwirizano wonse ndi chigoba. Imeneyi musakambirane nkomwe, ichoke.

Ndiponso kukumbukira kumeneku sikuchitika mwachinyengo nthawi zonse. Mlandu wakale wa ku England, wa Seager ndi Copydex, wa 1967, umaphunzitsa zimenezi. Seager anali wopeka zinthu, ndipo ankakambirana ndi kampani ya Copydex za kachipangizo kogwirira kapeti pansi. Ali m'kati mokambirana anatchulako lingaliro lina la kachipangizo ka mtundu wachiwiri. Zokambirana zinalephereka, kenako kampaniyo inatulutsa kachipangizo kake kofanana ndi lingaliro lija, ikukhulupirira kuti nzeruyo ndi yake. Khoti la apilo linapeza kuti inagwiritsa ntchito zimene inamva mosazindikira, ndipo linalamula kuti ilipire. Ambiri amautchula mlanduwu pofuna kulimbikitsa opeka zinthu kuti lamulo lili kumbali yawo ngakhale popanda pepala. Ine ndimauwerenga mwina. Seager anagonja kukhoti loyamba, anapambana pa apilo, kenako anafunikanso kubwerera kukhoti pa nkhani ya kawerengedwe ka malipiro. Anapeza ndalama, koma lingaliro lake linali litapita kale pamsika m'dzina la ena. Ndipo amene anamuchita zimenezi sanali akuba. Nanga wakuba weniweni?

Apa ndi pamene nkhani ya kampani yake ya zomatira ikulowa. Yang'anani amene akusaina. Ngati akusaina ndi kampani ina yake yopanda katundu, yongokhazikitsidwira kugula masheya, mukadzapambana mlandu mudzapeza m'thumba mulibe kanthu. Asaine iye mwini kapena kampani imene ili ndi chuma chenicheni. Kenako onani amene akuloledwa kuona zinthu zanu. Mapepala ambiri amati "alangizi, antchito ndi makampani ogwirizana nawo", ndipo mawu omalizawo akutsegulira chitseko opikisana nanu. Lembani dzina la kampani ya zomatirayo mumgwirizano, n'kunena kuti iyo, antchito ake ndi akuluakulu ake sadzaona kanthu. Ena onse oona atchulidwe mayina, ndipo iye avomere kuti zolakwa zawo ndi zake. Mufunseninso maso ndi maso: kodi mumakhala m'bodi ya kampani ija? Ngati amakhalamo, ndiye kuti mutu umodzi womwewo ukumva za guluu wanu m'mawa n'kukapanga ziganizo za guluu wawo madzulo. Palibe ndime imene ingagawe mutu wa munthu pakati, ndipo chimenecho chokha n'chifukwa chokwanira chakuti iye asaone za kapangidwe.

Muonjezere ndime ina imene pepala lake mwina lilibe: kuti kwa chaka chimodzi kapena ziwiri sadzakopa antchito anu kapena kulankhula ndi okugulitsani zipangizo popanda chilolezo chanu. Mwanena kuti fomula mumaidziwa awiri. Njira yachidule yopezera fomula ndi kumulemba ntchito wachiwiriyo. Ndipo ngati mnzanuyo sanasainepo chilichonse ndi kampani chokhudza chinsinsi ndi umwini wa fomula, konzani zimenezo sabata ino, musanakumanenso ndi bamboyo. Woika ndalama wanzeru adzafunsa pepala limenelo, ndipo kusowa kwake kumatsitsa mtengo wa masheya anu.

Pa zimene iye adzapemphe, zina muvomere mosavuta. Mgwirizano uliwonse wachilungamo umachotsa zinthu zimene zili kale poyera, zimene iye ankazidziwa kale, zimene wamva kwa wina mololedwa, zimene anthu ake apeza paokha, ndi zimene khoti kapena boma lamukakamiza kuulula. Musalimbane nazo. Ingoonjezerani kuti wofuna kubisala kumbuyo kwa zimenezi abweretse umboni wolembedwa wokhala ndi madeti. Kwa munthu wa kampani ya zomatira, "tinkazidziwa kale" ndi "tinazipeza tokha" ndiwo adzakhale mayankho ake oyamba.

Nanga ndondomeko yonse iyende bwanji? Ndikanakhala inu ndikanachita motere. Pa misonkhano yoyamba, ngakhale popanda pepala, muuzeni zimene guluu amachita, osati m'mene amapangidwira: zotsatira za mayeso, kakulidwe ka malonda, phindu pa lita. Apa ndinene kuti oika ndalama ambiri a ntchito, amene amaona mabizinesi mazana pa chaka, amakana kusaina chilichonse pa gawo limeneli, ndipo si chizindikiro cha chinyengo. Amaopa kusumiridwa ndi aliyense amene lingaliro lake lafanana ndi la wina. Yankho lake ndi kungolankhula zimene simungadandaule zitamveka kwina. Mgwirizano wokonzedwa uja ukasainidwa, tsegulani mabuku a ndalama okhala ndi zilembo m'malo mwa mayina. Akakhutira, alembe chikalata cha mfundo zikuluzikulu: akuika ndalama zingati, pa masheya angati, pofika liti, ndi zimene zatsala kuti atsimikize. Chikalata chimenechi nthawi zambiri sichimumanga kuti agule, koma chimaonetsa kuti wafika pa mtengo, ndipo munthu wongofuna kusuzumira sakonda kufika pamenepo.

Za kapangidwe zibwere pamapeto, kudzera mwa munthu wachitatu. Mugwirizane za katswiri wa mankhwala woima payekha, wosagwira ntchito kwa opikisana nanu, amene asainirane mgwirizano wake ndi kampani yanu mwachindunji. Abwere kufakitale, awerenge fomula pa pepala losatuluka m'chipindamo, aonerere gulu limodzi likupangidwa, atenge pang'ono akayeze. Kenako alembere bamboyo mayankho a mafunso amene nonse munagwirizana pasadakhale. Kodi ndondomeko yolembedwayo imatulutsadi guluu amene akugulitsidwa? Kodi muli mankhwala oletsedwa kapena ovuta kupeza? Kodi mtengo wa zipangizo ukugwirizana ndi wa m'mabuku? Kodi munthu wina wophunzira angapange guluuyu potsata zolembedwazo eni ake palibe? Mayankho akhale inde kapena ayi ndi kufotokoza kochepa, ndipo lipotilo muliwerenge inu lisanapite, kuti muone ngati silinatchule dzina kapena nambala. Ngati mantha ake ndi akuti mungamwalire kapena kuchoka ndi fomula, envelopu yomata isungidwe kwa loya kapena kubanki, ndi malangizo olembedwa onena nthawi imene ingatsegulidwe.

Ngakhale ndalama zitalowa, masheya 30 peresenti samupatsa ufulu wotenga fomula kupita nayo kwawo. Fomula ndi katundu wa kampani, osati wa eni masheya payekhapayekha. Koma akapatsidwa mpando m'bodi, mphamvu zake zoona zolemba za kampani zimakula, choncho mgwirizano wa eni masheya unene poyera amene amaloledwa kuona za kapangidwe. Ambiri amalimbikira pa pepala loyamba n'kuiwala lachiwirili.

Mungadziwe bwanji kuti munthu akungowedza? Mvetserani kumene mafunso ake akulemera. Wofuna kuika ndalama amakuvutitsani ndi ngongole, misonkho, makasitomala osalipira, ndi m'mene adzatulutsire ndalama zake. Wowedza amadutsa msanga pa zimenezi n'kumabwerera ku mphika. Amabwera ndi "mnzake wodziwa za mankhwala" amene simunauzidwe kumene amagwira ntchito. Amapempha kucheza ndi wosakaniza wanu inu palibe. Amazengereza kulemba mtengo koma amafulumira kupempha zolemba. Chimodzi chokha mwa izi si mlandu, koma zikakumana zitatu, imani pomwepo.

Sungani kaundula wa zonse zimene mwapereka: tsiku, chikalata, amene walandira. Chikalata chilichonse chikhale ndi dzina la wolandira losindikizidwa pa tsamba lililonse, ndipo ngati n'kotheka aziwerengera pa intaneti pamalo osalola kukopera, m'malo motumiza mafayilo pa imelo kapena pa foni. Zokambirana zikatha popanda mgwirizano, lembani kalata tsiku lomwelo yopempha kuti abweze kapena kuwononga zonse, n'kutsimikizira molemba. Adzanena kuti makope osungidwa ndi makompyuta awo sangafufutike onse, ndipo nthawi zambiri n'zoona. Muvomere, bola alembe kuti otsalawo akhalabe pansi pa mgwirizano.

Kaundulayu ndiye mlandu wanu zinthu zikavuta. Tiyerekeze kuti patatha miyezi 14 kampani ija yatulutsa guluu wosamatuka ndi chinyezi. Kufanana kokha sikukwanira. Muyenera kuonetsa kuti chinthu chakutichakuti chinali chinsinsi, munachipereka tsiku lakuti kwa wakuti, ndipo chikupezeka mwa guluu wawo. Mugule chitini chawo, chiyezedwe. Kakapezekamo kamankhwala kanu kaja pa mlingo woyandikira 0.8 peresenti, kamene opanga ena sagwiritsa ntchito, muli ndi poyambira, ndipo khoti lingawafunse zolemba za kafukufuku wawo zoonetsa m'mene anafikira pamenepo. Chimene mumathamangira poyamba ndi chiletso choimitsa kupanga ndi kugulitsa, ndipo chiletso chimafuna liwiro: mukakhala miyezi mukudziwa osachitapo kanthu, woweruza adzati nkhaniyo si yachangu. M'mayiko ambiri wopempha chiletso cha msanga amalonjezanso kulipira zotayika za mnzakeyo akadzagonja pamapeto, ndipo kwa kampani yaing'ono lonjezo limenelo n'lolemera. Chipukuta misozi chimavuta kuwerengera, chifukwa muyenera kuonetsa malonda amene mukanapanga. Onaninso ndime yonena za malamulo a dziko liti ndi khoti la kuti. Ngati bamboyo ndi wakunja ndipo pepala likuti milandu ikazengedwe kwawo, dzifunseni ngati mungakwanitse loya wa kumeneko. Komanso chigamulo cha kwanu chilibe ntchito ngati sichingagwire katundu wake kumene ali. Apa m'pofunika loya wa m'dziko lanu aone pepalalo musanasaine.

Mwina bamboyo, kapena loya wake, adzakuuzani kuti mungotenga patenti nkhawa ithe. Ganizani kawiri. Patenti ndi kusinthana: mumafotokozera dziko lonse kapangidwe kanu, nthawi zambiri kamafalitsidwa pakatha miyezi 18 mutalembetsa, ndipo mumalandira ufulu woletsa ena kwa zaka 20 m'mayiko okhawo amene mwalembetsa ndi kulipira. Imathandiza pa chinthu chimene aliyense angachizindikire atagula chitini. Pa ndondomeko ya m'fakitale, imene simungaone ngati wina akuitsata kuseri kwa mpanda wake, patenti imangomupatsa malangizo aulere. Ndipo popeza guluuyu mwayamba kale kugulitsa, mwayi wa patenti mwina unachepa kapena kutha, malinga ndi dziko. Musalole kuti nkhani ya patenti ikhale chifukwa chotsegulira kabati msanga.

Choti muchite mawa ndi kumuyankha bamboyo mwaulemu ndi zinthu ziwiri m'kalata imodzi: mgwirizano wake wokonzedwa, ndi mndandanda wa mafunso amene katswiri woima payekha adzayankhe chikalata cha mtengo chikasainidwa. Mumupemphe aonjezerepo funso lililonse limene akuona kuti latsala. Akabweretsa funso lokhudza chitetezo cha ndalama zake, lilandireni n'kupeza njira yoliyankhira. Akabweretsa funso limene yankho lake ndi dzina la mankhwala kapena nambala ya kutentha, mufunseni kuti nambalayo isintha chiyani pa mtengo wa masheya, ndipo mudikire ayankhe.